Kuchotsa Chingerezi mufilimu osapha nyimbo ndi mphepo

Amene anaonerapo filimu yomasuliridwa m'Chichewa mu vidiyo sho ku Ndirande, ku Mchesi kapena pamsika wa kumudzi amadziwa bwino kamvekedwe kake. Nkhondo ili mkati, malupanga akugundana, ng'oma zikulira. Mwadzidzidzi zonse zii, kenako mawu a dijeyi akutanthauzira zimene mkulu wa asilikali wanena, ndipo nthawi zina amawonjezerapo nthabwala yake. Akatseka pakamwa, nkhondo ija imabwereranso mwamphamvu.

Chimachitika n'chakuti womasulirayo amatsitsa mawu onse a filimu pamene akulankhula, ndipo pamodzi ndi Chingerezi kapena Chitchaina chija pamapitanso nyimbo, mphepo ndi mapazi a akavalo. Njirayi ili ndi kukoma kwakekwake, ndipo oonera ambiri amakonda dijeyi wawo kuposa filimu yeniyeniyo. Koma pali mtundu wina wa ntchito, umene ambiri anaumva mufilimu ya Yesu ya 1979 yomwe inamasuliridwa m'Chichewa. M'menemo anthu a pa chithunzi amakhala ngati akulankhula okha chinenero chathu, nyimbo osadukiza, mafunde a panyanja osasiya. Kuti zimenezo zitheke, pamafunika choyamba kukhala ndi filimu imene ili ndi zomveka zake zonse kupatulapo zolankhula.

Kumene mafilimu amapangidwa, zomveka zake amazisunga m'magulu atatu: zolankhula, nyimbo, ndi maphokoso a zochitika monga zitseko, mfuti, mvula ndi mapazi. Amazisakaniza kumapeto kwenikweni. Filimu ikati igulitsidwe kumayiko a zinenero zina, eni ake amatumiza fayilo ina imene pamapepala ndi pakompyuta imalembedwa M&E, kutanthauza nyimbo ndi maphokoso popanda munthu wolankhula. Masitudiyo a ku Germany, ku France kapena ku India, amene amamasulira mafilimu tsiku ndi tsiku, savutika n'kuchotsa mawu a munthu. Amangolandira fayilo imeneyi n'kusanjikapo mawu awo. Choncho chinthu choyamba kwa aliyense amene wapatsidwa ntchito yomasulira, kaya ndi ya bungwe la zaumoyo kapena ya mpingo, ndi kufunsa mwini filimu ngati M&E ilipo. Funso limodzi limeneli likhoza kupulumutsa sabata yathunthu ya ntchito.

Vuto limabwera ikasowa. Mawu akasakanizidwa kale amakhala ngati mchere umene walowa m'ndiwo: ulimo, ukumveka, koma palibe supuni youtolera. Ena amayesa kudula ndi ikwalaiza chigawo chimene mawu a munthu amamvekera, cha pakati pa mahetsi 300 ndi 3,400, chomwenso mafoni akale ankanyamula. Sizithandiza, chifukwa gitala, vayolini, kulira kwa chitseko ndi kuthetheka kwa moto zimakhalanso m'chigawo chomwecho. Munthu amamvekabe chapansipansi, pamene nyimbo yafa kale.

Pophunzira ntchitoyi pali filimu imodzi yabwino kuyeserapo, ndipo palibe amene angakutengereni kukhoti chifukwa cha iyo. Dzina lake ndi Sintel, ya zithunzi zojambulidwa pakompyuta, yotalika pafupifupi mphindi 15, imene bungwe la Blender Foundation la ku Amsterdam linatulutsa mu 2010. Anaitsogolera ndi Colin Levy, ndipo nyimbo zake anapeka ndi Jan Morgenstern. Inatuluka ndi chilolezo cha Creative Commons chimene chimalola aliyense kuikopa, kuisintha ndi kuigawa, bola atchule eni ake. Nkhani ya chilolezoyi si yaing'ono. Lamulo la umwini wa zaluso la Malawi la 2016 limaika kumasulira ntchito ya wina m'gulu la zinthu zofunika chilolezo cha mwini wake, ndipo bungwe la COSOMA lakhala likuyang'anira za umwini wa zaluso kuyambira 1992. Zoti mafilimu omasuliridwa ali mbwee m'malo obenera nyimbo sizitanthauza kuti lamulolo kulibe.

Chakumayambiriro kwa Sintel, mtsikana amene akufunafuna kamwana ka chinjoka komwe anakalera akomoka m'mapiri a chipale chofewa, n'kudzidzimukira m'kanyumba ka nkhalamba ina. M'kanyumbamo muli moto, nkhalambayo ikumupatsa chakumwa m'mbale, ndipo awiriwa akucheza motsitsa mawu, nyimbo ikumveka chapatali. Kachidutswa aka kali ndi zonse zimene zimavutitsa womasulira: zolankhula zofewa, maphokoso aang'onoang'ono oyandikana nazo, ndi nyimbo yosafunika kuidula.

Asanagwire chilichonse, wodziwa ntchito amayamba wafufuza kuti mawu a fayilo yakeyo ali m'matchanelo angati. Pulogalamu yaulere ya FFmpeg imabwera ndi kachida kochitira zimenezi. Ngati kachidutswa kaja kasungidwa ndi dzina loti kanyumba.mkv, amalemba motere:

```
ffprobe kanyumba.mkv
```

Pa mzere umene uli ndi mawu oti Audio pamaoneka chimodzi mwa zitatu: mono, stereo kapena 5.1. Yankho limenelo ndi limene limalamula njira yonse yotsatira.

Akaona 5.1, mwayi wamugwera. Fayilo yotere ili ndi matchanelo asanu ndi imodzi, opangidwira masipika a m'nyumba zoonetsera mafilimu: kumanzere, kumanja, pakati, ina ya kugunda kwa besi, ndi ziwiri za kumbuyo. Mwa chizolowezi cha opanga mafilimu, pafupifupi zolankhula zonse amaziika mu tchanelo ya pakati, kuti woonera aliyense, kaya wakhala kumbali iti, amve mawu akuchokera pa chinsalu. Matchanelowa FFmpeg imawawerenga kuyambira pa c0, ndiye ya pakati ndi c2. Malamulo awiri awa amapatula ya pakatiyo payokha, n'kusonkhanitsa za m'mbali ndi za kumbuyo mufayilo ina:

```
ffmpeg -i kanyumba.mkv -vn -af "pan=mono|c0=c2" pakati.wav
ffmpeg -i kanyumba.mkv -vn -af "pan=stereo|c0=c0+0.7*c4|c1=c1+0.7*c5" mbali.wav
```

Apa ndi pamene ophunzira ambiri amasangalala msanga. Amamvetsera mbali.wav, amapeza nyimbo ili bwinobwino, Chingerezi palibe, n'kutaya pakati.wav yonse. Akaika mawu awo a Chichewa, filimu imamveka yopanda kanthu mkati, ndipo sadziwa chifukwa chake. Chifukwa chake n'chakuti tchanelo ya pakati sinyamula zolankhula zokha. Kawirikawiri m'menemo mumakhalanso chilichonse chochitika pakati pa chithunzi: mbale ikamaikidwa pansi, nsalu ikamakhudzana ndi thupi, mapazi, kupuma kwa munthu, ngakhale gawo lina la nyimbo. Woonera amaona dzanja likugwira mbale koma samva kanthu. Sangathe kutchula chimene chasowa, koma khutu lake limadziwa kuti pali chinachake cholakwika.

Njira yabwino ndi yotsegula pakati.wav mu pulogalamu monga Audacity, n'kudula malo okhawo amene munthu akulankhula, chiganizo ndi chiganizo, kusiya zonse za pakati pa ziganizozo. Pa mphindi imodzi ya zokambirana, nthawi imene milomo ikutulutsadi mawu imachepa kuposa mmene munthu angaganizire, chifukwa anthu amapumira, amayang'anana, amamwa. Zonse za m'mipata imeneyo ndi za filimu, ndipo ziyenera kutsala. Chotsalacho amachibwezera pakati pa masipika awiri, atachitsitsa ndi madesibelo atatu, monga mmene zimachitikira 5.1 ikamasandutsidwa sitiriyo.

Mbali.wav nayonso imafuna khutu. Nthawi zina osakaniza amamwaza eko ya mawu a munthu m'matchanelo a m'mbali, makamaka ngati zochitikazo zili m'phanga kapena m'tchalitchi. Zikatero, pansi pa Chichewa pamamveka mzukwa wa Chingerezi ukunong'ona. Pa masipika a laputopu sumveka. Umagwidwa ndi mahedifoni, mawu atakwezedwa, pa malo enieni amene chiganizo chikuthera.

Koma mafayilo ambiri amene amayenda pa mafulashi ndi pa mamemori khadi kuno si a 5.1. Ndi a sitiriyo, matchanelo awiri okha, ndipo zolankhula zili mofanana kumanzere ndi kumanja. Pa mafayilo otere pali njira yakale imene oimba kariyoke akhala akugwiritsa ntchito kwa zaka zambiri. Mawu ndi mafunde okwera ndi kutsika. Mukatembenuza mafunde a tchanelo imodzi, kuti pokwera pakhale potsika, n'kuiphatikiza ndi inzake, chilichonse chimene chinali chofanana m'matchanelo onse awiri chimafafanizika. Mu Audacity amagawa fayilo ndi Split Stereo to Mono, n'kusankha Invert pa tchanelo imodzi. Mu FFmpeg ndi mzere umodzi:

```
ffmpeg -i kanyumba.mp4 -vn -af "pan=mono|c0=0.5*c0-0.5*c1" chotsala.wav
```

Munthu amasowadi, koma sapita yekha. Besi ndi ng'oma yaikulu, zimene osakaniza nyimbo amakonda kuziika pakati, zimapita naye limodzi, ndipo chotsalacho chimakhala chopyapyala, cha tchanelo imodzi. Ngati fayiloyo inafinyidwa kwambiri kuti ichepe, monga zimakhalira ndi mavidiyo amene adutsa pa WhatsApp kangapo, pamatsala kaphokoso konga madzi akuthira m'botolo. Ndipo ngati chotuluka chili zii kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kompyuta sinawonongeke ayi. Fayiloyo inali ya mono imene anangoikopera m'matchanelo awiri, choncho zonse zinali zofanana ndipo zonse zafafanizika.

Njira imeneyi ilinso ndi msampha wina umene umakhudza kwambiri oonera a kuno. Ena, pofuna kuti chotsalacho chimveke chotambasuka, amaika mafunde ake kumanzere n'kuika otembenuzidwa kumanja. M'mahedifoni zimamveka zokongola. Koma foni ya sipika imodzi imaphatikiza matchanelo awiriwo, ndiye nyimbo yonse imadzifafaniza yokha, n'kutsala mawu a Chichewa ali okhaokha. Popeza anthu ambiri adzaonera filimuyo pa foni yotere kapena pa sipika imodzi ya mu vidiyo sho, ntchito iliyonse iyenera kumvetseredwa pa foni ya mtengo wotsika isanaperekedwe.

Kuyambira mu 2019, pamene kampani ya ku France ya Deezer inatulutsa pulogalamu yaulere ya Spleeter, pabwera njira yachitatu. Awa ndi mapulogalamu amene anaphunzitsidwa pa nyimbo zambiri kusiyanitsa mawu a munthu ndi zida zoimbira, ndipo safuna kuti mawuwo akhale pakati kapena pambali, moti amagwira ntchito ngakhale pa fayilo ya mono. Ina yodziwika ndi Demucs, imene inachokera kwa ofufuza a kampani ya Facebook:

```
demucs --two-stems=vocals kanyumba.wav
```

Imatulutsa mafayilo awiri, vocals.wav ndi no_vocals.wav. Pa fayilo ya sitiriyo zotsatira zake zimaposa kutali njira ya kariyoke ija, ndipo besi imatsala. Pa laputopu wamba imachedwerapo, koma kachidutswa ka mphindi imodzi sikadikiritsa munthu mpaka kutopa.

Kufooka kwake kumachokera kumene inaphunzirira. Inazolowera oimba, osati mafilimu, choncho chilichonse chomveka ngati chochokera pakhosi imachiponya ku vocals.wav. Mu Sintel, zimene zili pangozi ndi kulira kwa kachinjoka kaja, kubuula kwa mtsikana pomenyana, ndi mawu a oimba amene ali mbali ya nyimbo. Nthawi zina imatenganso chitoliro kapena vayolini yoimba mokweza. Ndiye fayilo yofunika kuimvetsera mosamala si no_vocals.wav yokha ayi, koma vocals.wav, chifukwa m'menemo ndi mmene muli katundu wobedwa. Chilichonse chimene si chiganizo cha Chingerezi amachikopa n'kuchibwezera pamalo pake. Chizindikiro china choti pulogalamu yavutika ndi nyimbo imene imafooka pang'ono nthawi iliyonse munthu akatsegula pakamwa, n'kubwerera akatseka. N'chifukwa chake odziwa ntchito sagwiritsa ntchito no_vocals.wav kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Amasiya mawu enieni a filimu paliponse pamene palibe wolankhula, n'kulowetsa fayilo yotsukidwayo pa ziganizo pokha.

Njira iliyonse mwa zitatuzi imasiya mabowo, ndipo kutseka mabowowo ndiye ntchito yeniyeni. Palibe malo amene ali chete kotheratu. Chipinda chilichonse chili ndi kaphokoso kake kosalekeza, kaya ndi mphepo ya panja, moto kapena magalimoto a kutali, ndipo khutu limazindikira msanga kakaduka ngakhale kwa theka la sekondi. M'kanyumba ka nkhalamba muja, womasulira amafufuza masekondi awiri kapena atatu amene palibe akulankhula, n'kukopa kaphokoso ka pamalopo, n'kukayala pansi pa chiganizo chilichonse chimene wadula. M'mphepete mwa chigamba chilichonse amalowetsa pang'onopang'ono, kwa kachigawo kochepa ka sekondi, kuti pasamveke "thi" polumikizira. Chigamba chimodzi asachibwereze motsatizana kambirimbiri, chifukwa ngati muli kuthetheka kumodzi kwa nkhuni, kumayamba kumveka ngati wotchi.

Maphokoso amene anagwera pansi pa chiganizo chenichenicho, monga mbale imene yagunda pamene nkhalamba ili pakati pa mawu, sangapulumutsidwe. Amapangidwanso. Luso limeneli limatchedwa ndi dzina la Jack Foley, amene ankagwira ntchito ku situdiyo ya Universal ku America kuyambira nthawi imene mafilimu anayamba kukhala ndi mawu. Silifuna zipangizo zodula. Mbale ya dothi, chitenje chokhuthala chopukusa pafupi ndi maikolofoni, nsapato pa mchenga wothira m'beseni, zimakwanira, bola wochitayo aziyang'ana chithunzi kuti dzanja lake ligwirizane ndi la pa sikirini. Mufilimu ya anthu enieni ntchitoyi imakula kuposa ya zojambula, chifukwa mapazi ndi zitseko zambiri zinajambulidwa ndi maikolofoni yomweyo imene inkajambula mawu a osewera.

Apa Sintel ili ndi mphatso ina kwa wophunzira: eni ake anatulutsanso M&E yake yeniyeni. Munthu akhoza kuyesa njira zonse zitatu, kutseka mabowo ake, kenako n'kumvetsera ya eni akeyo kuti adzichongere yekha zimene anataya osadziwa.

Mawu a Chichewa amajambulidwa pomaliza, ndipo nawonso ayenera kulowa m'kanyumba komweko. Amawajambulira m'chipinda chosabweza mawu, cha makatani, matiresi kapena zovala zambiri, pakamwa patatalikirana ndi maikolofoni pafupifupi chikhatho chimodzi chotambasula. Eko yoyenera malowo amaiwonjezera pambuyo pake pakompyuta. Kuwonjezera eko n'kosavuta, koma kuchotsa eko ya chipinda cha simenti ndi malata n'kovuta zedi, ndipo nkhalamba ya m'mapiri imamveka ngati ikulankhulira m'bafa. Womasulira mawu nayenso ali ndi mtolo wake, poti chiganizo cha Chichewa kawirikawiri chimatenga nthawi yaitali kuchitchula kuposa cha Chingerezi. Ayenera kufupikitsa mpaka chikwane pa nthawi imene milomo ikuyenda, ndipo pamene nkhope ili pafupi amayesetsa kuti zilembo zotseka milomo, m, b ndi p, zigwere pamene wosewera watsekadi milomo.

Pali zinthu ziwiri za manambala zimene zimasokoneza ntchito yabwino pamapeto. Mawu a mavidiyo amasungidwa pa 48000 Hz, pamene Demucs imatulutsa pa 44100 Hz, choncho mafayilo ake ayenera kusinthidwa kuti afanane ndi anzawo asanasakanizidwe. Chachiwiri ndi liwiro la zithunzi. Sintel, monga mafilimu ambiri, imayenda zithunzi 24 pa sekondi, pamene wailesi za kanema za kuno zimayendera 25. Makope ena opangidwira wailesi za kanema amathamangitsidwa pang'ono kuti akwane pa 25, ndipo mphindi imodzi imasanduka masekondi 57.6. Ngati mawu achokera ku kope lina ndipo chithunzi ku lina, poyambira zimagwirizana bwino, koma pakutha pa mphindi imodzi mbale imamveka patapita masekondi oposa awiri chiikidwireni pansi. Kusiyana kumene kukukulirakulira motero ndi chizindikiro cha liwiro losiyana. Kusiyana kosasintha kuyambira poyamba mpaka pomaliza kumangofuna kukankha fayilo ya mawu pang'ono.

Zonse zikasakanizidwa bwino mufayilo imodzi, kuibwezera pa chithunzi sikufuna kukhudza chithunzicho:

```
ffmpeg -i kanyumba.mkv -i chichewa.wav -map 0:v -map 1:a -c:v copy -c:a aac -metadata:s:a:0 language=nya yatha.mp4
```

Zilembo zitatu zija, nya, ndi chizindikiro cha Chichewa ndi Chinyanja pa mndandanda wa zinenero wa dziko lonse, ndipo ndi zimene zimauza pulogalamu yoonetsera filimu kuti mawu awa ndi a chinenero chathu.

Mavuto onsewa amayamba chifukwa wina, tsiku losakaniza, sanasunge nyimbo ndi maphokoso pazokha. Inu amene mukupanga mafilimu ndi masewero ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Mzuzu kapena ku Chipata, pa tsiku limene mwamaliza kusakaniza, zimitsani tchanelo ya zolankhula, mutulutse fayilo yachiwiri yotalika chimodzimodzi ndi filimuyo, muisunge malo awiri. Zimatenga mphindi zochepa, ndipo amene adzafune kuika filimu yanuyo m'Chitumbuka, m'Chiyao kapena m'Chiswahili adzayambira pa kujambula mawu, osati pa kutseka mabowo.